"Si Chimene Ndinaona Pachithunzi": Wogulitsa Ayankhe Bwanji?

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Mzuzu waona chitenje cha mamita 4 pa WhatsApp, chobiriwira ngati tsamba la nthochi, cha maluwa akuluakulu achikasu. Watumiza K30,000 pa Mpamba kwa wogulitsa wa ku Limbe, n'kuwonjezerapo ya thiransipoti. Phukusi lafika pa basi. Pomasula, wapeza chitenje chotumbuluka, timaluwa take ting'onoting'ono. Ukwati umene amafuna kukatchenako uli Loweruka likubwerali.

Ogulitsa ambiri amathamangira kunena kuti, "Ndi kamera chabe, mayi." Nthawi zina n'zoona ndithu. Nsalu yojambulidwa usiku pa getsi siioneka ngati mmene imaonekera masana, ndipo foni iliyonse imaonetsa mtundu mwakemwake. Koma kuwala kumangosokoneza mtundu basi. Sikungachepetse duwa kapena kusandutsa mizere kukhala madontho. Maluwa akasiyana, ndiye kuti mwina mapukusi anasinthana polongedza, kapena chithunzicho sichinali cha katundu amene anali m'manja mwa wogulitsa. Chachiwirichi ndiye chofala: munthu amatenga chithunzi kwa amene amamuodetsa katundu, n'kuchiika pa foni asanamasule n'komwe belo.

N'chifukwa chake wogulitsa wanzeru sayamba ndi kudziteteza. Amapempha kaye kuti, "Pepani mayi. Tachijambulani panja pamthunzi, mutachitambasula chonse, munditumizire." Akayerekeza ndi chithunzi chake n'kuona kuti zasiyanadi, avomere mosazungulira: "Mukunena zoona, si chomwecho. Chithunzi chija chinali cha katundu woyamba, amene anatha. Kulakwa n'kwanga. Chibwezeni pa basi, thiransipoti ndilipira ine, ndipo chikangofika ndikutumizirani K30,000 yanu pamodzi ndi imene munalipira poyamba ija. Ngati mungakonde kuchisunga, ndikubwezerani K8,000."

Pa thiransipoti m'pamene nkhani zambiri zimavutira. Wogulitsa amapepesa bwinobwino, kenako n'kunena kuti wogula alipire yekha pobweza. Kwa ine kumeneko n'kumulipitsa munthu chindapusa pa mlandu wa eni. Ndipo mawu akuti "ndikubwezerani posachedwa" ndi opanda mchere, tchulani tsiku. Nayenso wogula ali ndi mbali yake: chitenje chimene chadulidwa kale kwa telala kapena kuchapidwa sichingabwerere, apo n'kungokambirana zochotserako mtengo.

Ena amabisala kumbuyo kwa mawu aja akuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Mawuwa angagwire ntchito kwa munthu amene wangosintha maganizo, koma osati amene waonetsedwa china n'kupatsidwa china. Malamulo oteteza ogula m'Malawi muno amaletsa kutsatsa malonda mosocheretsa, ndipo bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la CFTC, limalandira madandaulo otere. Umboni wake suvuta kupeza: chithunzi chija, uthenga wa Mpamba, ndi yankho lililonse limene wogulitsa analemba zili m'foni ya mayi wa ku Mzuzu uja.