Phindu m'thumba, mpamba ukutha

Pamsika wa ku Nsambe, kumtunda kwa boma la Neno, bambo wina wogulitsa kachewere ankadandaulira mlamu wake, mayi wogulitsa mafuta ophikira. Ine ntchito yanga ndi ya zachuma, kulondoloza kayendedwe ka mitengo, ndiye ndinatchera khutu.

"Alamu, mafuta omwewa munapikula mwezi watha, lero mwakweza. Kumeneku si kutibera masanasana?"

"Tamverani. Tinene kuti chigubu cha malita 20 ndapikula K100,000, ndagulitsa chonse ndapeza K115,000. Phindu ndi zingati?"

"K15,000."

"Ndafika ku Mwanza kokapikula china, ndapeza chili K120,000. Ndalama yangayo ikungokwana malita 19 ndi kadontho. Ndinali ndi malita 20. Phindu lanu lija lili kuti?"

Mayiyu sanalakwe ngakhale pang'ono. Zinthu zikamakwera mwezi ndi mwezi, mtengo woyenera kuwerengera ndi umene mudzapikulire katundu wotsatira, osati umene munapikulira dzana. Ageni ambiri amagwera pamenepa. Amatenga K15,000 ija n'kugulira ndiwo ndi sopo poganiza kuti ndi phindu, pamene akudya mpamba. Chizindikiro chake chimaoneka pabenchi: ndalama m'thumba zikuchuluka, katundu akuchepa ulendo uliwonse.

Mayi uja sanalekere pomwepo.

"Nanga inu alamu, kachewereyu amachokera ku Dubai? Si wa m'munda mwanu momwemu? Bwanji ndowa mwakweza?"

"Kachewere ndi wathu, feteleza si wathu. Mankhwala opopera si athu. Lole yobwera kudzanyamula imamwa dizilo, ndipo msewu wathuwu mvula ikagwa mwini lole amatchula mtengo umene wafuna."

Bamboyu anakhudza muzu wa nkhaniyi. Feteleza ndi mafuta agalimoto dziko lino limagula kunja ndi madola. Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti: dola imene inali pafupifupi K1,180 inafika cha m'ma K1,700. Pasanathe sabata, dizilo anachoka pa K1,920 kufika K2,734 pa lita. Apa n'kuti kwacha itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Mlimi wa ku Nsambe mwina dola sanaigwirepo m'manja, koma ili m'ndowa iliyonse ya kachewere wake. Onjezerani chilala cha 2024, chimene chinachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23, chimanga n'kukwera. Waganyu wopalira kachewereyo amadya nsima, ndiye nayenso anakweza ganyu.

"Komatu alamu," anatero mayi uja, "kachewere wanu nthawi yokolola amatsika. Mafuta angawa sanatsikepo."

"Amatsika, koma safika pamene anali chaka chatha."

Apa pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Mbewu kukwera ikasowa n'kutsika ikachuluka ndi nkhani ya nyengo chabe. Inifuleshoni ndi pamene mchere, sopo, thiransipoti, kaunjika ndi ganyu zonse zikukwera pamodzi osabwerera, kutanthauza kuti imene yafooka ndi kwachayo. Pofuna kusiyanitsa, yerekezani mtengo wa Juni uno ndi wa Juni wa chaka chatha, osati ndi wa Januwale.

Umu ndi mmenenso ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imachitira. Mwezi uliwonse imatolera mitengo ya zinthu zimene mabanja amagula, n'kuiyerekeza ndi ya mwezi womwewo chaka chapitacho. Chinthu chimene chimadya ndalama zambiri pabanja chimapatsidwa mphamvu yaikulu powerengera, ndipo kuno chimenecho ndi chakudya. N'chifukwa chake chimanga chikasuntha, chiwerengero cha dziko lonse chimasunthanso. Chiwerengerocho ndi cha pakatikati, ndipo sichidziwa matope a msewu wa ku Nsambe.

Chimene chimakwiyitsa anthu kwambiri ndi kumva pawailesi kuti inifuleshoni yatsika, kumsika zinthu zikukwerabe. Ife a zachuma timafotokoza moperewera pamenepa. Tinene kuti yachoka pa 30 peresenti kufika pa 25. Katundu wa K10,000 anafika K13,000 chaka choyamba, ndipo chaka chachiwiri afika K16,250. Chatsika ndi liwiro lokha, mtengo ukupitabe kumwamba.

Bambo uja anafunsa ngati kuli bwino kungosunga ndalama kudikira kuti mitengo ikhazikike. Mlamu wake anaseka.

"Kusunga kwacha m'chitini? Ine ndikagulitsa theka la chigubu ndimatumiziratu ya china. Ndipo wofuna ngongole ya mafuta, m'kope ndimalemba malita, osati makwacha."