Mwaiche, Penda Trening'i Yako Thupi Isakalibe Kukana

Iwe mwaiche wa ku Nkana East amene ufuna kuvala jezi ya Diggers, mvera. Thupi siilimba pa graundi, ilimba ukapumula.

Trening'i ikasila, ipatse mamaki kuchoka pa 1 kufika pa 10, kulingana na mwamene yakulemetsera. Uchulukitse mamakiwo na maminiti.

Tinene kuti uli na zaka 17. Mande jimu, maskwati na mapushapu: 40×5=200. Chiwiri kugwetsana: 60×7=420. Chinayi kupasa bola: 60×5=300. Chiweru gemu: 70×8=560. Wiki yonse ni 1,480.

Manje sukulu yakuikira gemu ina pa Chitatu. Wafika pa 2,040, kulumpha kukulu maningi pa wiki imodzi. Uza akochi kuti pa Chiwiri upumula. Watsika pa 1,620.

Ukachoka ku jimu, lindila masiku awiri usakalibe kunyamulanso nsimbi. Gona maawa 8 kufika 10.

Ngati pansi pa nkhokola pawawa ukalumpha, makamaka nthawi imene ukutalimpha msanga, chepetsa kuthamanga upite ku kiliniki. Wiki imodzi pa benchi iposa sizoni yonse ku nyumba.