Ciongola Dzanja ca pa Mwezi ndi Mtengo Weniweni wa Ngongole

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, m'phunziro la lero tidzapenda ngongole imodzi yokha, koma tidzaiwerengera kufikira ngwee yomaliza. Konzani pensulo ndi pepala, pakuti masamu awa samveka bwino ndi makutu okha.

Tiyerekeze kuti mai wina wogulitsa kapenta pa msika wa Kapata ku Chipata wabwereka K1,000 kuti aonjezere katundu wace. Wobwereketsa wamuuza kuti ciongola dzanja ndi 5 peresenti pa mwezi, ndipo ngongole idzabwezedwa m'miyezi inai. Mwana wa giredi 7 akhoza kuwerengera zimenezi msanga. Pa K1,000, 5 peresenti ndi K50. Miyezi inai ipereka K200. Zonse pamodzi ndi K1,200, ndipo tikagawa panai tipeza kuti maiyo azilipira K300 pa kutha kwa mwezi uliwonse. Kawerengedwe kotere obwereketsa amakacha fulati, cifukwa K50 ija sisintha kuyambira mwezi woyamba kufikira wotsiriza.

Tikafunsa kuti ciongola dzanja cimeneci ndi cotani pa caka, ambiri adzaculukitsa 5 ndi 12 nayankha kuti 60 peresenti. Yankho limeneli lacepa kwambiri, ndipo lacepa pa zifukwa ziwiri zosiyana. Tiyambe ndi coyamba.

Kodi maiyo akhala ndi K1,000 ya mwini wace kwa miyezi yonse inai? Iai. Pa K300 imene alipira mwezi uliwonse, K50 ndi ciongola dzanja, ndipo K250 ndiyo ibweza ngongole. Motero mwezi woyamba ali ndi K1,000, waciwiri K750, wacitatu K500, ndipo wacinai watsala ndi K250 yokha. Komabe mwezi wacinaiwo alipira K50 monga poyamba. Taonani kuti K50 pa K250 si 5 peresenti, ndi 20 peresenti. Zifanana ndi munthu amene wacita lendi zipinda zinai, nabweza cipinda cimodzi kwa mwini nyumba mwezi uliwonse, koma lendi yace osatsika.

Pano pali njira yacidule imene ana angathe kuicita pa bolodi. Phatikizani ngongole zotsala za miyezi yonse: 1,000 + 750 + 500 + 250 = 2,500. Ciongola dzanja conse ndi K200. Gawani 200 ndi 2,500 ndipo mupeza 0.08, ndiko kuti 8 peresenti pa mwezi. Iyi ndi njira yongoyerekezera, ndipo kawirikawiri yankho lace limapitirira pang'ono, koma yationetsa kale kumene tiyenera kufunafuna.

Kuti tipeze nambala yeniyeni tifunsa funso ili: kodi ndi peresenti iti imene, ikawerengedwa pa ngongole yotsala yokha mwezi ndi mwezi, icititsa kuti malipiro anai a K300 athetse ngongole ndendende, osatsala kanthu ndiponso osapitirira? Tidzaipeza moyesa, monga mmene wogulitsa nyama aikira miyala pa sikelo kufikira mbali ziwiri zilingane. Mwezi uliwonse ticita zinthu ziwiri zokha: kuonjezera ciongola dzanja pa ngongole yotsala, ndi kucotsapo K300. Kuonjezera 8 peresenti ndi cimodzimodzi kuculukitsa ndi 1.08. Tiyese 8 peresentiyo:

1,000.00 × 1.08 = 1,080.00, kucotsa 300, patsala 780.00
780.00 × 1.08 = 842.40, kucotsa 300, patsala 542.40
542.40 × 1.08 = 585.79, kucotsa 300, patsala 285.79
285.79 × 1.08 = 308.65, kucotsa 300, patsala 8.65

Patsala ngongole ya K8.65. Tanthauzo lace ndi lakuti 8 peresenti yakula pang'ono, pakuti malipiro a maiyo alephera kuimaliza. Tsopano inu yesani 7 peresenti m'makope mwanu, poculukitsa ndi 1.07. Mukacita bwino, mwezi woyamba patsala 770.00, waciwiri 523.90, wacitatu 260.57, ndipo mwezi wacinai ngongole ifika pa 278.81 cabe, pamene maiyo apereka K300. Wapitiriza ndi K21.19, motero 7 peresenti yacepa.

Nambala imene tifuna iri pakati pa 7 ndi 8, koma yayandikira kwambiri kwa 8. Kuyambira pa kupitirira kwa 21.19 kufikira pa kupereŵera kwa 8.65 pali mtunda wa 29.84, ndipo 21.19 ndi magawo 7 mwa magawo 10 a mtundawo. Tiyese tsono 7.7 peresenti. Zotsala zace ndi 777.00, kenaka 536.83, kenaka 278.17, ndipo mwezi wotsiriza ngongole ikhala 299.59. Kusiyana kwace ndi K300 ndi mangwee 41 okha. Pamenepo tikhoza kuima. Ciongola dzanja cimene maiyo alipira pa ndalama imene iri m'manja mwace ndi 7.7 peresenti pa mwezi, osati 5.

Mwana wanzeru adzafunsa cifukwa cace njira yacidule inapereka 8 pamene iyi yapereka 7.7, ndipo mphunzitsi asamudule mau. M'njira yaciwiri ciongola dzanja ca mwezi woyamba ndi K77, osati K50, motero ngongole itsika pang'onopang'ono: 777 m'malo mwa 750. Zotsala zonse zikaphatikizidwa zipereka 2,592, ndipo K200 yomweyo ikagawidwa pa nambala yokulirapo, peresenti iceperako. Imeneyi ndiyonso njira yotsimikizira nchito yanu: 200 ÷ 2,592 iyenera kubwezera 0.077.

Tafika pa cifukwa caciwiri. Wina anganene kuti tingoculukitsa 7.7 ndi 12, tipeze 92.4 peresenti, basi. Nambalayi iri ndi nchito yace, koma si ciongola dzanja ceniceni ca pa caka, cifukwa yaiwala kuti ciongola dzanja naco cimabala. Ganizani za wobwereketsa uja. K300 imene walandira pa kutha kwa mwezi woyamba saisunga pansi pa mphasa. Aibwereketsanso kwa munthu wina pa mtengo womwewo. Kapena ganizani za wobwereka amene alibe colipira, ndipo ciongola dzanja ca mwezi uno ciphatikizidwa ku ngongole yace. Mbali zonse ziwiri, K1 iliyonse ikula poculukitsidwa ndi 1.077 mwezi ndi mwezi, kokwanira 12.

Kuculukitsa kokwanira 12 ndi nchito yotopetsa, ndipo ana amasokera pakati. Pali njira yodula imene ifuna kuculukitsa kanai kokha:

Miyezi 2: 1.077 × 1.077 = 1.1599
Miyezi 4: 1.1599 × 1.1599 = 1.3454
Miyezi 8: 1.3454 × 1.3454 = 1.8101
Miyezi 12: 1.8101 × 1.3454 = 2.4353

K1 yasanduka K2.44 m'caka cimodzi. Cotsani K1 yoyamba ija, imene si ciongola dzanja, ndipo patsala 1.4353, ndiko kuti pafupifupi 144 peresenti pa caka. Kucotsa 1 kumeneku ana ambiri amakuiwala, nalemba 244. Colakwa cina cofala ndi kufupikitsa manambala msanga. Sungani manambala anai patsogolo pa kadontho kufikira pa mzere womaliza, cifukwa kolakwika kakang'ono ka pa mzere woyamba kamakula pa mzere uliwonse wotsatira. Kwa aphunzitsi amene afuna lamulo lace m'zilembo, ngati m ndiye ciongola dzanja ceniceni ca pa mwezi, monga 0.077, ca pa caka ndi (1 + m)^12 − 1.

Tsono ngongole imene inalengezedwa kuti ndi ya 5 peresenti pa mwezi, imene tinaiyesa ya 60 pa caka, ndi ya 144 peresenti. Apa tiyenera kucenjera ndi mau athu. Sitikunena kuti maiyo adzalipira K1,440. Adzalipira K200 monga anapangana, ndipo wobwereketsa sanamunamize pa ndalamayo. Peresenti ya pa caka ndi muyeso, monga liwiro la basi. Basi yoyenda makilomita 80 pa ola tinena kuti liwiro lace ndi 80, ngakhale ulendo wace ukhale wa mphindi 15 zokha. Phindu la muyesowu ndi lakuti ngongole ya miyezi inai ndi ya zaka ziwiri, ya ku banki ndi ya kaloba, zonse zikhoza kuikidwa pa sikelo imodzi. Ndiwo muyeso umene Banki Yaikulu ya Zambia inagwiritsa nchito m'caka ca 2013, pamene inalamula kuti mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono asapitirire 42 peresenti pa caka. Malire amenewo anacotsedwa mu 2015.

Taonani mmene sikeloyo ithandizira. Wobwereketsa waciwiri afuna 6 peresenti pa mwezi, koma yowerengedwa pa ngongole yotsala. Ndi makutu, 6 ndi wamkulu kuposa 5. Koma maiyo akamabweza K250 mwezi uliwonse, ciongola dzanja cace cidzakhala K60, K45, K30 ndi K15, pamodzi K150. Wa 6 peresenti ndiye wochipa ndi K50. Cifukwa cace funso loyamba kwa wobwereketsa aliyense likhale lakuti: peresenti imeneyi muiwerengera pa ndalama yoyamba kapena pa yotsala?

Patsala zinthu ziwiri zimene zimasintha yankho, ndipo zonse zimapezeka pa pepala la pangano. Coyamba ndi ndalama zodulidwa pa tsiku lolandira ngongole, kaya azicha za fomu kapena za inshuwalansi. Ngati maiyo adulidwa K50 nalandira K950 m'manja, koma malipiro akhalabe K300 kanai, mzere woyamba wa kuyesa kwanu uyambe ndi 950, osati 1,000. Yesani 10 peresenti: zotsala ndi 745.00, 519.50, 271.45, ndipo pomaliza 298.60, pafupi kwambiri ndi 300. K50 imeneyo yakweza ciongola dzanja kufika pa 10 peresenti pa mwezi, ndipo pa caka capitirira 200 peresenti.

Caciwiri ndi nthawi yobwezera. Ngati pangano liri lakuti maiyo asunge K1,000 yonse miyezi inai, nabweze K1,200 kamodzi pa mapeto, ndiye kuti cifukwa cathu coyamba cija cagwa, pakuti ndalama yonse anali nayo nthawi yonse. K1 yakula kufika pa 1.2 m'miyezi inai, ndipo m'caka muli miyezi inai katatu: 1.2 × 1.2 × 1.2 = 1.728, ndiko kuti pafupifupi 73 peresenti. K200 ndi yomweyo, koma muyeso watsika ndi theka.

Nchito ya sabata ino ndi iyi. Mlimi wabwereka K600 yogulira feteleza pa 4 peresenti ya fulati, ndipo adzabweza m'malipiro atatu olingana, mwezi ndi mwezi. Ana apeze malipiro a pa mwezi, ayerekezere ndi njira yacidule, kenaka ayese 5 ndi 6 peresenti. Aphunzitsi, malipirowo ndi K224, ndipo njira yacidule ipereka 6 peresenti. Mwana amene kuyesa kwace kwamufikitsa pa 5.9 wayenda bwino, ndipo apitirire kuwerengera ca pa caka.