Masabata amene udzu umalanda zokolola m'munda

Udzu sulanda zokolola mofanana nyengo yonse ya dzinja. Pali nthawi yochepa, mbewu ikadali yanthete, pamene kulimbirana kwa udzu ndi mbewu kumatsitsa zokolola kotero kuti khasu lobwera pambuyo silingazibwezeretse. Udzu womera nthawiyi itadutsa umangodetsa munda, koma nkhokwe suikhudza kwenikweni. M'chimanga cha kumadera otentha monga Malawi, nthawiyi imayamba pafupifupi masabata awiri chimanga chitamera ndipo imatha pafupifupi sabata lachisanu ndi chimodzi.

Mphamvu ya udzu imayambira m'nthaka. Munda wolimidwa zaka zambiri umasunga njere zochuluka za udzu zimene sizimera zonse pamodzi. Zina zimadzuka ndi mvula yoyamba, zina zimadikira kuti khasu lizitembenuzire pamwamba zione kuwala, zina zimagona mpaka zaka zakutsogolo. N'chifukwa chake munda wopaliridwa bwino umaphukanso pakangopita masiku. Bonongwe, chisoso ndi mwamuna aligone zimadalira njere zotere, ndipo zikadulidwa zili zazing'ono zimafa mosavuta. Dawe ndi kapinga n'zouma mutu. Dawe amasunga chakudya m'timbatata ta pansi, kapinga amayala mphukira pamwamba ndi pansi pa nthaka, choncho khasu likamuduladula limangomuchulukitsa. Khovani naye akazulidwa tsiku la mvula n'kusiyidwa mu ngalande ya mzere, amagwiranso pa mfundo zake n'kupitiriza kukula.

Chimene zimalimbirana ndi kuwala, chinyontho ndi chakudya cha m'nthaka, makamaka nayitulojeni. Chimanga chimayamba moyo wake pang'onopang'ono. Masabata oyamba chimakhala ndi timasamba tochepa, ndipo pakati pa mizere yotalikana masentimita 75 pamakhala nthaka yapoyera, yonyowa, yowombedwa ndi dzuwa. Udzu umatenga malo amenewa. Komabe m'masiku oyambirira chimanga chimadyabe chakudya cha m'njere yake, mizu ya mbali ziwirizi sinakumane, ndipo udzu ndi waufupi kwambiri moti sungachite mthunzi. Ichi ndicho chifukwa chake mbewu imapirira udzu kwa kanthawi osataya zokolola.

Kupirirako sikukhalitsa. Kafukufuku waonetsa kuti chimanga chimazindikira udzu wapafupi kulimbirana kwenikweni kusanayambe, kudzera m'kuwala kumene masamba a udzuwo amabweza. Chikatero chimathamangira kutalika, tsinde limaonda, mizu imachepa. Tsoka lake n'lakuti nthawi yomweyi, chimanga chili ndi masamba otambasuka pafupifupi asanu mpaka asanu ndi atatu, ndi pamene chisononkho chimayamba kuumbika mkati mwa tsinde, ndipo chiwerengero cha mizere ya maso ake chimakhazikika. Chimanga chimene chavutika pamenepa chikhoza kubiriwiranso chikapaliridwa, mpaka wodutsa m'njira kuchiyamikira, koma chisononkho chake chinachepa kale.

Akatswiri amapeza malire a nthawiyi ndi kuyesa kwa mbali ziwiri, njira imene inatchuka ndi ntchito ya Nieto ndi anzake ku Mexico mu 1968. Munda umagawidwa m'timagawo. M'gulu loyamba udzu umasiyidwa kuyambira pomera mpaka masabata 2, kwina 3, kwina 4, kwina 6, kenako timagawoto timasungidwa toyera mpaka kukolola. M'gulu lachiwiri zimatembenuka: timagawo timasungidwa toyera masabata 2, 4, 6 kapena 8, kenako timasiyidwa kuti udzu umere mmene ungafunire. Kagawo kena kamakhala koyera nyengo yonse kuti kakhale muyeso.

Mwachitsanzo chabe, tiyerekeze kuti kagawo koyera kapereka makilogalamu 5,000 pa hekitala. Ofufuza ambiri amavomereza kutaya 5 peresenti, amene pano ndi makilogalamu 250, matumba asanu a makilogalamu 50. Malire ndiye 4,750. Ngati kagawo kamene udzu unakhalamo masabata awiri kapereka 4,850 koma ka masabata atatu kapereka 4,500, ndiye kuti kupalira koyamba kuyenera kuchitika sabata lachitatu lisanakwane. Ngati m'gulu lachiwiri kagawo koyera masabata anayi kapereka 4,300 pamene koyera masabata asanu ndi limodzi kapereka 4,800, ndiye kuti udzu womera pambuyo pa sabata lachisanu ndi chimodzi ulibenso mphamvu, poti masamba a chimanga atseka mizere. Mpata wa pakati pa malire awiriwa ndiyo nthawi imene munda uyenera kukhala woyera. Kumudzi zimenezi zimagwirizana ndi kupalira ndi kubandira.

Kuwerenga masabata kuli ndi chinyengo chake. Chimanga cha kumalo ozizira monga Dedza chimakula mochedwa kuposa cha ku Chikwawa, choncho n'kwabwino kuwerenga masamba a mbewu m'malo modalira kalendala yekha. Kachulukidwe ka mbewu nako kamasuntha malire: kubzala njere imodzi pa phando, mapando otalikana masentimita 25 pa mizere ya masentimita 75, kumapereka mbewu pafupifupi 53,000 pa hekitala, ndipo mthunzi umatseka msanga kuposa m'munda wa mapando otalikirana kwambiri. Munda wosowa chonde umatalikitsa nthawi yoopsayi chifukwa chimanga chimachedwa kuphimba nthaka. Feteleza wobereketsa wa yuriya akathiridwa m'munda wosapalira, gawo lalikulu limadyedwa ndi udzu. Vuto lenileni m'midzi n'lakuti masabata amenewa amagwa mu Disembala ndi Januwale, chakudya chitachepa m'nyumba, pamene ambiri amapita kukagwira ganyu m'minda ya ena yawo ikudikira.

Mbewu za mtundu wa nyemba zili pa ngozi yokulirapo chifukwa n'zazifupi. Komanso nyemba, soya ndi mtedza zili m'gulu la zomera za C3, pamene bonongwe, dawe ndi kapinga zili m'gulu la C4, limene limakula mwachangu pa dzuwa lotentha ndipo limagwiritsa ntchito madzi mosamala. Udzu ukazipitirira msinkhu, mthunzi umachepetsa nthambi, maluwa ndi timfundo ta pa mizu timene timakola nayitulojeni wa mumpweya. Soya wobzalidwa mothithikana m'mizere iwiri pa mzere umodzi amatseka nthaka msanga n'kudziteteza yekha. Mtedza umachedwa kuyanga, choncho umafuna munda woyera kwa nthawi yotalikirapo, masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira. Umayamba maluwa pafupifupi mwezi umodzi utamera, ndipo pambuyo pake timichira tobereka timatsika kulowa m'nthaka. Kuyambira pamenepo khasu limaononga koposa udzu, chifukwa limadula timichirato. Udzu wotsala umazulidwa ndi manja.

Kaufiti satsata lamulo limeneli konse. Iye salimbirana ndi chimanga koma amachiyamwa. Njere zake, zazing'ono ngati fumbi, zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa khumi, ndipo zimamera zikamva madzi otuluka m'mizu ya chimanga kapena mapira. Kamera kake kamaboola muzu n'kukhala pansi masabata angapo, choncho pamene timaluwa take tofiira tikuonekera, chimanga chinapinimbira kale ndipo chimafota ngati chasowa mvula ngakhale nthaka ili yonyowa. Kumuzula asanabale njere kumateteza zaka zakutsogolo, osati zokolola za chaka chomwecho. Chimene chimamuchepetsa ndi kuonjezera chonde ndi kasinthasintha wa mbewu, chifukwa mizu ya soya ndi mtedza imadzutsa njere zake koma kamerako sikatha kuiyamwa, motero kamafera pansi.

Udzu womera mochedwa, ngakhale sutsitsa zokolola, suyenera kuloledwa kubala njere. Tsinde limodzi la bonongwe limatha kugwetsa njere zikwizikwi, ndipo udzu wautali umavutitsa pokumba mtedza. Pa siteji imeneyi kuzulira kapena kudula mitu ya udzu usanakhwime n'kokwanira, popanda kutembenuzanso nthaka ndi kuvulaza mizu ya mbewu.