Chiwongoladzanja chobereka chinzake ndi lamulo la Bernoulli

Munthu akasungitsa K100,000 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka, ndalamayo ingakule m'njira ziwiri. Chiwongoladzanja chikamawerengedwa pa ndalama yoyamba yokha, pakutha zaka zitatu apeza K130,000. Koma chikamaphatikizidwa ku ndalamayo chaka ndi chaka kuti nacho chibereke, apeza K133,100. Njira yachiwiriyi singagonje kwa yoyamba, zaka zichuluke bwanji.

Akatswiri a masamu amalemba mfundoyi motere:

(1 + x)ⁿ ≥ 1 + nx

Chizindikiro ≥ chikutanthauza kuti mbali yakumanzere imaposa yakumanja kapena kulingana nayo. Pachitsanzo chathu x ndi 0.1 ndipo n ndi 3, choncho 1.331 waposa 1.3. Lamuloli limadziwika ndi dzina la Jacob Bernoulli wa ku Basel, ku Switzerland, amene analisindikiza mu 1689.

Koma chitsanzo chimodzi si umboni, ndipo manambala sangayesedwe onse poti alibe malekezero. Apa m'pamene pamafunika njira yotchedwa indakishoni, yofanana ndi kukwera makwerero: munthu akaponda poyamba, nasonyeza kuti paliponse pamene waima angathe kufika potsatira, ndiye kuti palibe pamene angalephere kufikapo.

Poyambapo m'posavuta. Pamene n ndi 1, mbali zonse ziwiri ndi 1 + x.

Ntchito yagona pa kukwerako. Tinene kuti lamuloli lagwira pa nambala ina k, ndiye kuti (1 + x)ᵏ ≥ 1 + kx. Mbali zonse zikachulukitsidwa ndi 1 + x, kumanzere kumakhala (1 + x)ᵏ⁺¹, pomwe kumanja kumatuluka 1 + (k + 1)x + kx². Kachidutswa kotsirizaka sikangatsike pansi pa ziro, chifukwa nambala iliyonse ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe siikhala yochepera ziro. Kakachotsedwa, kumanja kumangochepa kapena kukhala momwemo, n'kutsala 1 + (k + 1)x. Limeneli ndi lamulo lomwe lija, koma tsopano pa k + 1. Kuchokera pa 1 lafika pa 2, kuchokera pa 2 lafika pa 3, mpaka kalekale.

Pali malo amodzi pamene ophunzira ambiri amaterereka. Kuchulukitsa kuja n'kololedwa pokhapokha 1 + x asakhale pansi pa ziro, apo ayi chizindikiro ≥ chimatembenuka. N'chifukwa chake lamuloli limafuna kuti x asatsike kupitirira −1. Izi sizongokometsera: x akakhala −4 ndipo n akhale 3, kumanzere kumatuluka −27, kumanja −11, lamulo lagwa.

Chosangalatsa n'chakuti x wapakati pa −1 ndi ziro ngololedwa. Galimoto yotsika mtengo ndi 20 peresenti chaka chilichonse imatsala ndi 51.2 peresenti ya mtengo wake pakatha zaka zitatu, pomwe 1 + nx akupereka 40 peresenti yokha. Kutsikako kumawerengedwa pa mtengo wotsala, umene umanka nuchepa.