Kalata yopempha mpamba: zomwe ofesala wa ngongole amayang'ana

Wamalonda akafika pa ofesi ya bungwe lobwereketsa ndalama monga FINCA, CUMO kapena VisionFund, amapatsidwa fomu yoti alembe. Koma mizere ya pa fomu ndi yaifupi, siingafotokoze chifukwa chake benchi ya munthu imakhala yopanda katundu masiku ena. Apa ndi pomwe kalata imagwira ntchito. Ambiri amaidzaza ndi madandaulo, za ana a sukulu ndi za mitengo yokwera, pomwe woiwerenga ali ndi funso limodzi: ndalamayi izungulira bwanji, ndipo ibwerera liti?

Tiyerekeze mayi wogulitsa usipa mu msika wa Limbe, yemwe amakaoda ku Mangochi kawiri pa mwezi. Manambala ake ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi komwe amalonda amachita.

Mayiyu ali ndi mpamba wa K300,000. Usipa wa ndalama imeneyi akaugulitsa m'milu ndi m'timbale amapeza K390,000, koma umatha m'masiku 9. Masiku otsalawo amangokhala, makasitomala ake n'kumagula kwa mnzake wa benchi yoyandikana. Kupita kunyanja pafupipafupi sikungamuthandize chifukwa thiransipoti ingadye phindu lonse. Chomwe akusowa ndi katundu wokwana masiku 15, ndiye kuti wa K500,000. Choncho akufunika K200,000 yoonjezera, osati K1 miliyoni yomwe mnzake wamulangiza kuti apemphe poganiza kuti abwana adula okha.

Akalemba keyala yake, tsiku, ndi moni wakuti "Okondedwa Bwana", mutu wa kalata ukhale wachindunji: "Pempho la ngongole ya mpamba ya K200,000". Ndime yoyamba inene kuti iye ndani, amagulitsa chiyani, pati, ndipo wachita malondawa zaka zingati. Mtima wa kalata uli pa ndime yachiwiri, yomwe ingamveke motere:

"Ndikaonjezera usipa wa K200,000 ndidzaugulitsa K260,000. Ndikachotsa K15,000 yolipirira matumba oonjezerawo pa galimoto, phindu ndi K45,000 pa ulendo umodzi, kutanthauza K90,000 pa mwezi. Ndikupempha kubweza m'miyezi inayi."

Ofesala wa ngongole akawerenga zimenezi amatenga cholembera. Ngati chiwongoladzanja chili 5 peresenti pa mwezi, chowerengedwa pa ndalama yonse yomwe munthu anatenga, mayiyu azibweza K50,000 ya ngongole ndi K10,000 yapamwamba, zonse K60,000 mwezi uliwonse. Pa K90,000 ija patsala K30,000. Ngongoleyo ikudzibweza yokha osakhudza mpamba wakale kapena ndalama ya ndiwo, ndipo n'zimene wobwereketsa amafuna kuona.

Pa chiwongoladzanja pomwepa pali msampha womwe umakola anthu ambiri. Chikawerengedwa pa ndalama yonse mpaka kumapeto, mayiyu alipira K40,000 yapamwamba. Chikawerengedwa pa ndalama yotsala yokha, mwezi woyamba ndi K10,000, kenako K7,500, K5,000 ndi K2,500, zonse pamodzi K25,000. Ponsepo amanena kuti 5 peresenti, koma kusiyana kwake ndi K15,000, phindu la masiku asanu. Si mwano kufunsa m'kalata momwemo njira yomwe bungwelo limatsata, komanso ngati pali ndalama yodulidwiratu ya mafomu kapena inshuwalansi. Munthu wopempha K200,000 n'kulandira K188,000 m'manja masamu ake aja asokonekera asanakwere n'komwe basi.

Kalata yabwino siibisa nyengo yoipa. Miyezi ya Juni ndi Julaye mphepo ya mwera ikavuta, asodzi salowa m'nyanja kawirikawiri, usipa umasowa ndipo mtengo umakwera. M'dzinja namonso usipa wosauma bwino umachita nkhungu. Mayi wolemba kuti miyezi yotere amagulitsanso nyemba amakhulupirika kuposa wonena kuti malonda ake sagwa.

Siibisanso ngongole zina. Kuchokera pomwe lamulo lokhudza mabungwe osunga mbiri ya ongongola linakhazikitsidwa mu 2010, wobwereketsa angathe kufufuza dzina la munthu. Ngongole ya ku banki mkhonde kapena ya katapila mwina siingaoneke kumeneko, koma imaululika ofesala akabwera pa benchi n'kucheza ndi oyandikana nawo. Akapeza chomwe kalata sinanene, amayamba kukayikira ndi zoona zomwe.

Kumapeto mayiyu atchule chikole, kaya ndi firiji kapena makina osokera, ndi munthu womuimira ngati mboni. Aphatikize fotokope ya chiphaso cha unzika, kalata ya amfumu ngati bungwelo likuifuna, matikiti a msika, ndi masamba a kope lomwe amalembamo zogulitsa tsiku ndi tsiku. Kope lamafuta a nsomba m'mbali, lolembedwa ndi mabolopeni osiyanasiyana, ofesala amalikhulupirira kuposa loyera lomwe likuoneka kuti lalembedwa usiku umodzi. Akasayina pansi pa "Ine wanu", asunge kalata ina yofanana nayo, chifukwa tsiku lomwe ofesala adzafike ku Limbe adzafunsa manambala omwewo, ndipo adzafuna kuona matumba a usipa ali pa benchi.