Malonda ambiri kapena phindu? Mmene PivotTable imaululira kutsatsa kopindulitsa

Mwezi ukatha, wabizinesi amadziwa ndalama zomwe walipira ku wailesi, pa Facebook ndi kwa osindikiza timapepala. Amadziwanso kuti katundu wayenda bwanji. Chomwe chimavuta ndi kulumikiza ziwirizi: kwacha iliyonse yomwe yapita kotsatsa malonda yabweza zingati, ndipo yabweza kudzera njira iti? Mu Excel muli chida chotchedwa PivotTable chomwe chimasonkhanitsa mizere yambirimbiri n'kuiphatikiza m'magulu. Chimayankha funsoli msanga, koma yankho lake limakhala loona pokhapokha mwayala bwino manambala, ndiponso mwawaphatikiza kaye musanawagawe.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa nyale za sola yomwe mwezi umodzi yachita makampeni atatu otsatsa malonda: pa wailesi, pa Facebook ndi pa timapepala togawa pamsika. Manambala onse m'nkhani ino ndi ongoyerekeza, kuti tione mmene ntchitoyi imayendera.

Tebulo limodzi, makolamu anayi

Ntchito yaikulu ili poyambirira, musanakhudze PivotTable n'komwe. Zolipira ndi zogulitsa zikhale m'tebulo limodzi lalitali la makolamu anayi, kolamu iliyonse ndi mutu wake pamwamba. Mukalipira kotsatsa, lembani mzere wakewake ndipo pa zogulitsa ikani 0. Mukagulitsa, lembaninso mzere wina ndipo pa zolipira ikani 0.

```
Tsiku       Kampeni    Zolipira  Zogulitsa
01/06/2024  Wailesi    150000    0
03/06/2024  Wailesi    0         45000
03/06/2024  Facebook   0         30000
```

Kuti kolamu ya Kampeni idzaze, wogulitsa ayenera kufunsa kasitomala aliyense kuti, "Mwamva kuti za nyalezi?" Amene sanamve kulikonse, kapena sakukumbukira, mulembeni kuti Sizikudziwika. Musamukankhire ku kampeni yomwe mumaikonda.

Ambiri amalakwitsa pano. Amakhala ndi tsamba lina la zogulitsa ndi lina la zolipira, kenako amagwiritsa ntchito VLOOKUP kukoka ndalama ya kampeni n'kuiika pambali pa mzere uliwonse wa zogulitsa. Ngati wailesi inadya K600,000 ndipo inabweretsa makasitomala 40, ndalama ija ilembedwa maulendo 40, ndipo PivotTable idzati mwalipira K24,000,000. Chizindikiro chake n'chosabisika: zolipira zonse za mu PivotTable zikuposa kutali malisiti omwe muli nawo m'manja. Ndalama yolipira ilembedwe kamodzi kokha.

Polemba ndalama musayambe ndi chilembo K. Excel ikaona K150,000 imayesa mawu, osati nambala, ndipo siiphatikiza. Mukamaliza kulemba, dinani kabokosi kalikonse m'tebulomo n'kusindikiza Ctrl+T. Mukatero mizere yomwe mudzawonjezere mawa idzalowa yokha m'tebulo.

Kuimika PivotTable

Pitani pa Insert, sankhani PivotTable, ndipo muuze Excel kuti iike patsamba latsopano. Pazenera lomwe lituluke pali kabokosi kolembedwa Add this data to the Data Model. Pa ntchito ino musakachonge, chifukwa mukatero njira yowerengera yomwe tigwiritse ntchito kutsogoloku imatsekeka.

Kumanja kuoneka mayina a makolamu anu ndi madanga anayi pansi pake. Kokerani Kampeni ku Rows, kenako Zolipira ndi Zogulitsa ku Values. Yang'anitsitsani kuti zalembedwa Sum of Zolipira ndi Sum of Zogulitsa. Mukaona Count of, ndiye kuti Excel ikuwerenga kuchuluka kwa mizere m'malo mophatikiza ndalama, ndipo kawirikawiri izi zimasonyeza kuti m'kolamumo muli mawu kapena mabokosi opanda kanthu. Kusintha kukhala Sum pa Value Field Settings n'kosavuta, koma bwererani m'tebulo mukakonze gwero lake, apo ayi ndalama zolembedwa ngati mawu zija zingosiyidwa mwakachetechete.

M'sitolo yathu, tikaika pambali mzere wa Sizikudziwika, zotsatira zili chonchi:

```
Kampeni     Zolipira  Zogulitsa
Facebook    200,000   1,000,000
Timapepala  100,000     250,000
Wailesi     600,000   1,800,000
```

Wongoyang'ana kolamu yomaliza anena kuti wailesi ndiyo yapambana, poti yagulitsa kuposa enawo ataphatikizana. Komatu yadyanso magawo awiri mwa atatu a ndalama zonse zotsatsira. Tikufunika nambala ina yoika makampeni atatuwa pa muyeso umodzi.

Kwacha imodzi yabweza zingati?

Nambalayo imapezeka pogawa zogulitsa ndi zolipira. Pa mapulogalamu otsatsira malonda a pa intaneti mumaiona italembedwa ROAS. Dinani m'kati mwa PivotTable, pitani pa PivotTable Analyze, kenako Fields, Items, & Sets, n'kusankha Calculated Field. Pa Name lembani Kubweza, ndipo pa Formula lembani izi:

```
=Zogulitsa/Zolipira
```

Kolamu yatsopano ituluka. Facebook ili pa 5, wailesi pa 3, timapepala pa 2.5. Kutanthauza kuti K1 iliyonse yolipira pa Facebook yabweretsa malonda a K5, pomwe ya ku wailesi yabweretsa a K3. Pa mzere wa Sizikudziwika pazituluka #DIV/0! chifukwa palibe ndalama yomwe inalipidwa. Sikuti china chawonongeka ayi. Mukafuna kuti zisaoneke, pitani pa PivotTable Options, chongani For error values show, n'kusiya kabokosi kake kopanda kanthu.

Wina angafunse: bwanji osangowonjezera kolamu ya Kubweza m'tebulo lenilenilo, kenako n'kuuza PivotTable kuti itenge Average? Tione zomwe zingachitike ndi masabata anayi a Facebook. Sabata yoyamba sitolo inalipira K10,000 n'kugulitsa za K120,000, kubweza 12. Yachiwiri inalipira K40,000 n'kugulitsa za K240,000, kubweza 6. Yachitatu K70,000 inabweretsa K320,000, pafupifupi 4.6, ndipo yachinayi K80,000 inabweretsanso K320,000, kubweza 4. Avereji ya manambala anayiwa ndi 6.6. Koma zoona zake n'zakuti K200,000 inabweretsa K1,000,000, ndiye kuti 5. Avereji yanama chifukwa yalemekeza sabata ya K10,000 mofanana ndi ya K80,000. Calculated Field ilibe vutoli: imaphatikiza kaye zogulitsa zonse, kuphatikizanso zolipira zonse, kenako n'kugawa. Musadabwe kuti mutu wake walembedwa Sum of Kubweza. Nambalayo ndi yogawa itaphatikiza kale.

Malonda si phindu

Kubweza 3 kumamveka bwino, koma pa K3 ija pali mpamba womwe munaodera katundu. Tinene kuti pa K100 iliyonse yogulitsa nyale, K70 ndi yoodera ndipo K30 ndiyo yotsala. Kuti kampeni ingodzilipira yokha, iyenera kubweza 100 kugawa ndi 30, zomwe ndi 3.3 ndi kakang'ono pamwamba. Yobweza pansi pa apa ikudya mpamba. Onjezani Calculated Field ina yotchedwa Phindu:

```
=Zogulitsa*0.3-Zolipira
```

Tsopano chithunzi chatembenuka. Facebook yasiya K100,000. Timapepala taluza K25,000. Wailesi, yomwe inkaoneka ngati katswiri, yasiya K540,000 pa malonda ake itadya K600,000, ndiye kuti yaluza K60,000. Makampeni onse atatu pamodzi, atagulitsa katundu wa K3,050,000, asiyira sitolo K15,000 yokha. Ngati katundu wanu amasiyana phindu, wina K30 wina K10, musagwiritse ntchito 0.3 pa onse. Ikani kolamu ya phindu la mzere uliwonse m'tebulo, ndipo muchotse zolipira pa kolamu imeneyo.

Onaninso sabata ndi sabata

Musanathamangire kusamutsira ndalama zonse za wailesi ku Facebook, kokerani Tsiku ku Rows pansi pa Kampeni. Dinani tsiku limodzi ndi batani lakumanja, sankhani Group, siyani Days yokha itasankhidwa, ndipo pa Number of days lembani 7. Excel ikakana ndi uthenga wakuti Cannot group that selection, nthawi zambiri ndiye kuti masiku ena analembedwa ngati mawu. Mutha kuwazindikira chifukwa amatsamira kumanzere kwa kabokosi pomwe masiku enieni amatsamira kumanja.

Masabata a Facebook aja akuonetsa zomwe nambala 5 inabisa. Ndalama zikamakwera, kubweza kukutsika: 12, 6, 4.6, kenako 4. Sabata yachinayi sitolo inawonjezera K10,000 koma malonda sanasunthe. Mwina omwe akanagula pa Facebook anali atatha kale kufikiridwa. Choncho palibe chitsimikizo chakuti K600,000 ya wailesi itapita kumeneko ingabweze 5. Nzeru ndi kuwonjezera pang'onopang'ono n'kumayang'ana mzere wa sabata iliyonse.

Zomwe PivotTable siingaone

Chidachi chimangophatikiza zomwe mwachipatsa. Munthu atha kumva za nyale pa wailesi, n'kudzaziona pa Facebook patapita masiku, ndipo pomufunsa atchula chomwe waona komaliza. Apa wailesi yagwira ntchito koma ulemu wapita kwina. Mzere wa Sizikudziwika ungakupatseni chenjezo: ngati umakwera masabata omwe wailesi ikulengeza n'kutsika ikasiya, wailesiyo ikubweretsa zambiri kuposa zomwe yalembedwera.

Nthawi nayonso imasokoneza. Kutsatsa kolipidwa kumapeto kwa mwezi kumabala malonda mwezi wotsatira, choncho kampeni yomwe yangotha kumene ipatseni sabata imodzi kapena ziwiri musanaiweruze. Ndipo kampeni yomwe inagwera pa masiku olandira malipiro, kapena nyengo yomwe alimi agulitsa zokolola, musaiyerekeze ndi ya pakati pa mwezi wouma ngati kuti zinali pa mpikisano wofanana.

Musanapange chiganizo chilichonse, fufuzani zinthu zitatu. Dinani Refresh, chifukwa PivotTable siisintha yokha mukawonjezera mizere. Onani ngati kampeni imodzi yatuluka kawiri. Kampata kotsalira kumapeto kwa dzina kapena chilembo chimodzi cholakwika n'chokwanira kugawa Wailesi kukhala mizere iwiri. Pomaliza, fananizani Grand Total ya zolipira ndi malisiti anu, ndi ya zogulitsa ndi buku la pakauntala. Zikasiyana, dinani kawiri pa nambala yomwe mukuikayikira, ndipo Excel itsegula tsamba latsopano loonetsa mizere yonse yomwe yapanga nambalayo. Cholakwikacho chimapezeka mmenemo, ndipo mukachikonza m'tebulo lenileni lija n'kudinanso Refresh, kolamu ya Phindu ndiyo ikuuzeni kampeni yoyenera kupitiriza, yochepetsa ndi yoyesanso mwezi wamawa.